Mwapempha katatu koma yankho ndi “tiona”: yang'anani mawu a mu uthenga wanu

Achemwali anga ndi telala, ndipo makina awo amakhala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Chaka china anasoka malaya 24 a kwaya ya mpingo wina, pa mtengo wa K12,000 malaya amodzi. Zonse pamodzi inali K288,000. Akwayawo anapereka K150,000 poyamba kuti nsalu igulidwe, n'kulonjeza kuti yotsalayo ibwera malaya akaperekedwa. Malaya anaperekedwa, anavalidwa, zithunzi zinajambulidwa, koma ndalama zii. Patapita mwezi, achemwali anandipatsa foni yawo ali okhumudwa, amvekere: “Taona, ndawalembera katatu konse msungichuma wawo, koma munthu ameneyu sakundimva.”

Uthenga wawo womaliza pa WhatsApp unali wotere:

“Mwaswera bwanji bambo. Pepani kukuvutitsani, ndangoti ndikupatseni moni. Komanso ndimati mwina ndifunse nawo za tindalama tija, ndikuganiza kuti panatsala kenakake. Ngati n'kotheka, mukapeza mpata munditumizireko kangachepe, kapena. Koma ngati zavuta palibe vuto.”

Bambowo anayankha kuti: “Taswera mayi. Osadandaula, tiona.” Patatha masiku angapo anatumiza K20,000.

Ndinawerenga uthengawo kawiri, ndipo ndinawauza achemwali zimene sanayembekezere kumva kwa ine: bambowa akumvani bwinobwino. Munapempha kangachepe, akupatsani kangachepe. Munati akapeza mpata, ndiye akudikira mpata. Munati ngati zavuta palibe vuto, ndipo iwo akukhulupirirani.

Mungadziwe bwanji kuti vuto lili m'mawu anu?

Si nthawi zonse pamene pempho limalephera chifukwa cha kalembedwe. Pali anthu amene alibedi ndalama, ndipo pali ena amene safuna kulipira ngakhale mutalemba bwino chotani. Choncho musanayambe kukonza mawu, onani kaye mayankho amene mukulandira.

Ngati vuto lili m'mawu, yankho limabwera, ndipo limabwera mwansangala. Munthu sakuthawani. Amati “ndamva”, “tiona”, “osadandaula”, “ndikuuzani”, nthawi zina amangoika chithunzi cha chala chachikulu. Palibe “ayi”, palibenso tsiku. Chizindikiro china n'chakuti amachita gawo laling'ono la zimene mumafuna n'kukhala chete ngati nkhani yatha. Chinanso, mukakumana pamsewu amakupatsani moni momasuka, alibe manyazi a munthu amene akudziwa kuti wasunga chinthu cha mnzake mopitirira nthawi. Manyaziwo palibe chifukwa nthawiyo simunaitchule.

Kuti mutsimikize, tsegulani uthenga wanu womaliza, muuwerenge ngati ndinu woulandira, ndipo mufunse kuti: kodi munthu angathe kuyankha uthengawu mwaulemu, osachita kalikonse, koma osakhala kuti wanama kapena wakana? Ngati angathe, pempholo lili ndi khomo lotulukira, ndipo khomolo munalitsegula ndinu. Mu uthenga wa achemwali munali makomo oposa asanu.

Tiuvundukule uthenga uja

Tiyambe ndi kachidutswa kakang'ono kamene kamalowa pakati pa mneni, ka “-ngo-”. “Ndangoti ndikupatseni moni.” “Ndimangofuna kudziwa.” “Ndimangokumbutsa.” Ntchito ya kachidutswaka ndi kuchepetsa: kamauza womvera kuti palibe chachikulu, ndi chokhachi basi. Achemwali anali atagona ndi nkhawa ya lendi ya pakhonde, koma chiganizo chawo chachiwiri chinalengeza kuti cholinga cha uthengawo ndi moni. Bambowo anayankha moniwo. Nkhani ya ndalama inalowa pambuyo pa “komanso”, ngati chinthu chimene munthu wakumbukira atafika kale pakhomo potuluka.

Kenako pali “ndimati” ndi mnzake “ndimafuna”. Awa ndi mawu ozolowereka kwambiri pakamwa pathu mwakuti sitiwamvanso. Timaika chofuna chathu ngati cha kale, “ndimati ndifunse”, kuti chisamugwere munthu mwadzidzidzi. Pamaso m'pamaso zimenezi zimayenda bwino, chifukwa winayo amati “eya, funsani”, inu n'kupitiriza, ndipo nkhope yanu ndi kukhala kwanu pampando zimanena zotsalazo. Pa foni palibe amene akuyankheni kuti “funsani”. Mawuwo amatsala okha, ndipo amamveka ngati maganizo amene munali nawo dzulo, amene mwina lero mwawasiya.

“Mwina” ndiye amene amawononga kwambiri, chifukwa amaika chikayiko pamalo pamene panalibe chikayiko. Kodi achemwali ankakayika ngati afunse kapena asafunse? Ayi, anali atafunsa kale polemba uthengawo. Koma munthu wowerenga amatenga “mwina” ameneyo n'kumuyala pa nkhani yonse: mwina ndalamayo ikufunika, mwina sikufunika.

Pamene ndinakhalitsa ndi achemwali ndi pa mawu akuti “ndikuganiza kuti panatsala kenakake”. Ndinawafunsa ngati sankadziwa ndalama imene inatsala. Anatulutsa kope lawo la miyeso m'kabati ya makina, n'kutsegula patsamba pamene analemba ndi bolopeni yofiira: malaya 24, K288,000, alipira K150,000, yatsala K138,000. Sankaganiza, ankadziwa. Kunena kuti “ndikuganiza” pa chinthu cholembedwa m'kope ndi kusandutsa ngongole kukhala maganizo a munthu mmodzi, ndipo maganizo amatsutsika. Msungichuma amene ali ndi mabilu asanu patebulo, ndalama ya awiri okha, amayamba ndi munthu amene watchula nambala ndi tsiku. Wa “kenakake” amadikira, osati chifukwa chomuda, koma chifukwa iye mwini waoneka kuti angathe kudikira.

Tsopano tifike pa zinthu ziwiri zimene ndi za Chichewa chenicheni. Choyamba ndi timawu tochepetsa, “ka-” ndi “ti-”: kangongole kaja, tindalama tija, kantchito kaja, kangachepe. Timachita zimenezi kuti tisaoneke adyera. Koma K138,000 si tindalama kwa munthu amene wapalasa makina milungu itatu mpaka miyendo kutupa. Mukachepetsa chinthu chanu, winayo sangachikulitse m'malo mwanu.

Chachiwiri ndi “-ko”. Apa mpofunika kusamala, chifukwa “-ko” ali ndi nkhope ziwiri. Mu “tandithandizeniko” amafewetsa pempho, ndipo ndi waulemu. Koma akamatiridwa ku chinthu chogawika, monga ndalama, ufa, nthawi kapena malo, amatanthauza gawo chabe. “Mundigawireko mchere” sikutanthauza kuti mundipatse paketi yonse. Ndiye “munditumizireko” pa nkhani ya ngongole ndi pempho la gawo. K20,000 ija inali yankho lolondola la “munditumizireko kangachepe”. Zimene achemwali ankafuna kunena ndi “munditumizire”, basi, popanda mchira.

“Mukapeza mpata”, “zikayenda”, “mukakhala bwino”: onsewa amachotsa tsiku m'manja mwanu n'kulipereka kwa winayo, ndipo mpata wolipirira ngongole sudzipeza wokha. “Kapena” wolendewera kumapeto kwa chiganizo, wopanda chinthu chachiwiri chomutsatira, amamusiyira wowerenga malo oti adzazemo yekha, ndipo iye amadzazamo kuti “kapena ayi”. Pomaliza penipeni pali chiganizo chimene chimagwetsa zonse: “ngati zavuta palibe vuto”. Vuto linalipo. Mwini khonde anali atabwera kale kawiri. Chiganizo chimenechi chinali chabodza, ngakhale kuti chinalembedwa ndi mtima wabwino, ndipo munthu amene mwamuuza bodza lotere simungamuimbe mlandu akalikhulupirira.

Ulemu suli m'mawu amenewa

Nditanena zonsezi, achemwali anakana. “Iwe, ndi munthu wamkulu ameneyu, komanso wa kutchalitchi. Ukufuna ndimulembere ngati wapolisi?” Mantha amenewa ndi amene amabweretsa vutoli mobwerezabwereza, ndipo si mantha opusa. Tinaleredwa kuti mwana amalankhula mosapsatira mawu pokhapokha akamayankha funso la mkulu, ndipo kupempha chinthu mosapita m'mbali kumamveka ngati mwano. Munthu akachotsa “mwina” lero, mawa amamubwezeretsa, chifukwa mumtima akuona ngati wavula ulemu.

Koma tayang'anani pamene ulemu umakhala m'Chichewa. Uli mu moni, ndi kudikira kuti moniwo uyankhidwe. Uli mu kutchula munthu moyenera: bambo, mayi, achimwene, abusa, agogo, abwana. Uli mu “inu” ndi “mu-” ndi “-ni” polankhula ndi munthu mmodzi. Uli mu kusiyana kwa “tumizani” ndi “munditumizire”: woyambayo ndi lamulo, wachiwiriyo ndi pempho, ngakhale onse akufuna chinthu chimodzi. Uli mu “chonde” ndi “zikomo”. Zonsezi zimakweza munthu amene mukulankhula naye, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimachepetsa ndalama, kusuntha tsiku, kapena kuika chikayiko pa zimene mukudziwa.

“Mwina”, “ndikuganiza kuti”, “ndangoti”, “kangachepe” amagwira ntchito ina. Sakweza winayo, amatsitsa nkhani yanu. N'chifukwa chake mungathe kuwachotsa onse ulemu n'kutsala wathunthu. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta: phimbani liwulo ndi chala, muwerenge chiganizo. Ngati chasintha ndi mmene mukumuonera munthuyo, liwulo ndi la ulemu, libwezereni. Ngati chasintha ndi kukula, kufulumira kapena kutsimikizika kwa chimene mukufuna, liwulo limakubelani, lisiyeni kunja.

Amene amalemba makalata a kuntchito m'Chingelezi vutoli limawakulira, chifukwa Chingelezi cha masiku ano chimagwiritsa ntchito liwu limodzi pa “iwe” ndi “inu”. Munthu wozolowera kunena “inu” akamalembera bwana wake amaona ngati chiganizo chili maliseche, ndiye amachiveka mawu okayikira atatu anayi. Machiritso ake ndi omwewa: moni, dzina laulemu, liwu limodzi lopempha, kenako nkhani yosaphimbidwa.

Kulemba mwatsopano

Tinakhala pabenchi ndi achemwali, kope lili pamwendo. Ndinawapempha kuti asayambe ndi kufufuta mawu mu uthenga wakale, chifukwa ukatero umatsala ndi chigoba chosamveka. Ayambe ndi kuyankha mafunso atatu pakamwa, ngati akuuza ine. Mukufuna chiyani? “Ndalama yanga.” Zingati? Anachotsera K20,000 ija: “K118,000.” Liti? Apa anachedwa kuyankha, kenako anati, “Lendi ikufunika Loweruka, ndiye Lachisanu.” Mayankho atatuwo ndiwo pempho. Zina zonse n'zovala.

Uthenga watsopano unatuluka chonchi:

“Mwaswera bwanji, bambo? Ndikulemba pa nkhani ya malaya 24 a kwaya amene ndinapereka pa 9 Malichi. Mtengo wonse unali K288,000. Ndalandira K170,000, kuphatikizapo K20,000 imene munatumiza ija, zikomo. Yatsala K118,000. Chonde munditumizire ndalamayi pa Airtel Money, pa nambala yomwe ino, pofika Lachisanu likubwerali. Ngati Lachisanu silitheka, mundiuze lero tsiku limene mutumize. Zikomo kwambiri, bambo.”

Onani kuti moni ulipo, “bambo” alipo kawiri, “chonde” alipo kamodzi, ndipo K20,000 ija yayamikiridwa. Mulibe liwu lodzudzula. Onaninso chiganizo cha “ngati Lachisanu silitheka”. Chimafanana ndi “ngati zavuta palibe vuto”, koma ntchito yake ndi yosiyana kotheratu. Chakale chija chinkatsegula khomo lotulukira kunja. Ichi chikutsegula khomo lolowera m'chipinda china cha nyumba yomweyo: munthu akhoza kusintha tsiku, koma ayenera kutchula lina. “Tiona” sakukwananso ngati yankho.

Achemwali anaugwira uthengawo mphindi zingapo chala chili m'mwamba. Ndinaona akuyamba kulemba “pepani” kumayambiriro, n'kufufuta okha. Yankho linabwera madzulo omwewo. Bambowo anati ndalama ya kwaya imasonkhedwa Lamulungu, choncho Lachisanu sizitheka, koma Lolemba atumiza K80,000, ndipo yotsalayo Lolemba linzake. Anawonjezera kuti sankadziwa kuti yatsala yochuluka choncho, popeza amene analandira malaya anali wapampando, osati iwo. Kwa mwezi wathunthu munthuyu ankayankha za “kenakake” kamene sankadziwa kukula kwake.

Mwachotsa mawu aja, koma zikuvutabe

Chodandaula chimene ndimamva kawirikawiri n'chakuti uthenga wokonzedwawo ukumveka waukali. Nthawi zambiri chifukwa chake si kusowa kwa “mwina”. Pofufuta, munthu amapitirira n'kuchotsanso moni, kapena amasintha “munditumizire” kukhala “tumizani”. Bwezerani zimenezo kaye. Ngati ukali ukadalipo, fufuzani mawu a mkwiyo amene alowa pamalo pamene pachoka mawu amantha: “mwachedwa kwambiri”, “ndatopa nanu”, “aka n'kachinayi”, “ngati simukufuna mungonena”. Munthu amene wakhala akudzichepetsa mwezi wonse amakhala ndi mkwiyo wosungidwa, ndipo akangomasula pakamwa umatuluka wonse. Mawu otere amapatsa winayo nkhani ina yoti ayankhe, ya khalidwe lanu, ndalama ija n'kuiwalika. Lembani zimene zinachitika ndi manambala ake, osati mlandu.

Vuto lina ndi mawu obwerera pakhomo lakuseri. Mwatumiza uthenga womveka bwino, timizere tiwiri tija tasanduka tabuluu, mphindi khumi zadutsa popanda yankho, mtima wayamba kugunda. Ndiye mukutumiza wachiwiri: “Pepani ngati ndalankhula molakwika, sikuti ndikukukakamizani ayi.” Kapena mukujambula mawu, n'kuyamba ndi kaphwete, “aaa, ndimangocheza bambo, musadandaule nazo.” Pamenepo mwafufuta uthenga woyamba uja ndi dzanja lanu. Chete wa winayo nthawi zambiri ndi wa munthu amene akuwerengera kapena akufunsa mnzake, ndipo ndi chizindikiro chakuti uthenga wafika. Ikani foni pansi. Ngati munapempha yankho lero, dikirani mpaka mawa m'mawa, ndipo mukakumbutsa mubwereze nambala ndi tsiku lomwe lija, osachepetsa.

Palinso kulakwitsa koopsa kuposa zonsezi: kuchotsa “ndikuganiza” pamene mukuganizadi. Achemwali akanakhala kuti analibe kope, n'kulemba motsimikiza kuti yatsala K138,000 ataiwala K20,000 ija, msungichuma akanawatumizira uthenga wa Airtel Money wosonyeza kuti analipira, ndipo kuyambira pamenepo nambala iliyonse yochokera kwa iwo ikanakayikiridwa. Mukapeza “mwina” kapena “ndikuganiza” mu uthenga wanu, funsani kaye chimene wabisa. Ngati wabisa mantha, mufufuteni. Ngati wabisa kusadziwa, musamufufute, pitani mukafufuze: kope, lisiti, mauthenga akale a ndalama. Ngati simungathe kutsimikiza, nenani malire a zimene mukudziwa momveka, ndipo pempho likhale la kutsimikizirana: “Kope langa likusonyeza K118,000. Chonde muyang'ane m'buku lanu mundiuze mawa ngati zikugwirizana.” Chikayiko chili pamalo amodzi odziwika, sichinafalikire pa uthenga wonse.

Ndipo ngati mwalemba zomveka, mwaulemu, kawiri, tsiku ladutsa, yankho palibe kapena likadali “tiona”, dziwani kuti vuto lachoka m'mawu. Kulemba kachitatu ndi mawu ena sikuthandiza. Mwina mukulembera munthu amene alibe mphamvu yotulutsa ndalama, ndiye funsani kuti amasayina ndani. Mwina ndi nthawi yopita nokha, kapena yotenga munthu wachikulire amene nonse mumamulemekeza kuti akhale pakati. Ubwino wa uthenga womveka uja ndi wakuti tsopano muli ndi chinthu chosonyeza mkhalapakatiyo: tsiku, nambala, ndi zimene munapempha.

Pamene mawuwa ayenera kutsala

Sindikufuna kuti wina achoke pano n'kuyamba kusaka “-ngo-” ndi “mwina” paliponse ngati nsikidzi. Mawu omwewa ali ndi malo awo. “Mungosayina apa” amauza munthu zoona, kuti ntchito yake ndi yaing'ono, ndipo zimamuthandiza kuvomera msanga. “Lachisanu kapena Loweruka m'mawa” ndi “kapena” wabwino, chifukwa mbali zonse ziwiri zili ndi tsiku. “Mwina mvula itilepheretsa kufika” ndi “mwina” woona, popeza mvula simuilamula.

Chachikulu ndi kusiyanitsa kupempha chinthu chanu ndi kupempha chifundo. Malipiro a ntchito imene mwagwira, ngongole imene munabwereketsa, denga lodontha la nyumba imene mumalipira lendi mwezi ndi mwezi, kalata imene ofesi inayenera kukulemberani: izi ndi zanu, ndipo winayo alibe ufulu weniweni wokana. Kuikapo “ngati n'kotheka” ndi kumupatsa ufulu umene alibe. Koma mukamapempha amalume kuti akubwerekeni njinga, kapena mnansi kuti akusungireni mwana masana, iwo angathedi kukana, ndipo “ngati n'kotheka” ndi “mundibwerekeko” akunena zoona. Ngakhale pamenepo, tchulani chinthucho ndi nthawi yake: njinga, mawa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Munthu amavomera mosavuta chinthu chimene akuona malire ake.

Pali malo enanso amene kulankhula mozungulira ndiko chilankhulo chake, monga kwa apongozi, pabwalo la mfumu, pamaliro, kapena pokambirana za ukwati kudzera mwa ankhoswe. Kumeneko onse amadziwa kumasulira, nthawi ilipo, ndipo pamakhala munthu amene udindo wake ndi kufunsa kuti, “Ndiye mukuti bwanji kwenikweni?” Uthenga wa pafoni, kalata ya kuofesi ndi pawindo la kuchipatala zilibe munthu wotero. Pawindo la kuchipatala m'pamene ndimada napo nkhawa kwambiri. Mayi amene mwana wake watentha thupi masiku atatu ndipo akukana kuyamwa, akafika n'kunena kuti “akungotenthako thupi pang'ono, ndimati mwina mumuoneko”, namwino amene ali ndi mzere wautali amva kuti mwanayo angathe kudikira. Mayiyo anene zimene waona ndi masiku ake: “Watentha thupi masiku atatu, kuyambira dzulo sakuyamwa. Chonde mumuone msanga.”

Chizolowezi chimene chinathandiza achemwali kuti vutoli lisamabwerere ndi cha pa kope lomwe lija. Tsopano munthu akabweretsa nsalu, amalemba mtengo, ndalama yoyamba, yotsala ndi tsiku lolipira pamaso pa mwini wake, n'kumuwerengera mokweza, kenako amajambula tsambalo n'kumutumizira pa WhatsApp asanachoke pakhonde. Tsiku likakwana safunikanso kufunafuna mawu oyambira. Amapereka moni, amatumizanso chithunzi chija, n'kulemba pansi pake nambala yotsala ndi “chonde munditumizire lero”.